Vani ya ku Kaporo Imene Sinkazima

Akuti adada amagulitsa dizilo. Akuti tsiku lililonse chigubu cha malita asanu chimatsika pa Kaporo, pa tirumu ya mayi Febby, ndipo akuti mayi Febbywo si ogula dizilo chabe, ali ndi udindo winanso. Nkhaniyi inazungulira bekare yonse, inadutsa pa depoti, inalowa mumsika, kenako inabwerera kudzandipeza ine mwana wawo ndikulongedza buledi m'mapepala. Anandiuza ndi Lettie, mnzanga wa pa tebulo lolongedzera, ndipo anayamba ndi mawu aja oyambira nkhani zoipa: "Usakwiye, Chawa, ine ndangomva."

Dzina langa ndine Chawanangwa, koma aliyense amangoti Chawa. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, koma za pa Karonga pano ndifunseni, ndikuuzani amene wathawitsa mwana wa eni ndi amene wagula njinga yamoto atagulitsa ng'ombe za malume ake. Miseche ndimaikonda, sindibisa. Koma miseche imakoma ikakhala ya kwa aneba. Ikakhala ya m'nyumba mwanu imawawa ngati tsabola walowa m'maso.

Bekare yathu ndi ya bwana Elliot, ndipo ili ndi mavani anayi operekera buledi. Ina imazungulira m'tauni, ina imakwera msewu wa Chitipa, ina imapita ku Chilumba kudzera ku Uraha, ndipo ya adada, a Manase, imapita ku Kaporo mpaka kufupi ndi Songwe. Chiyambireni vuto la mafuta, bwana amasunga dizilo m'madiramu. Madzulo alionse vani ikabwerako amaidzaza mpaka kukamwa kwa thanki ndi chigubu choyezera, ndiye amadziwa kuti yamwa zingati tsiku limenelo. Vani iliyonse ilinso ndi kachipangizo kobisika kuseri kwa dashibodi, kotchedwa thiraka, kamene kamauza foni ya bwana kumene galimoto ili.

Masamu a bwana anali achidule. Ankayang'ana makilomita pa foni, nkuwerengera kuti vani imamwa malita 11 pa makilomita 100. Ulendo wa adada ndi wa makilomita 110, ndiye ankayembekezera malita 12. Mavani enawo ankasiyana ndi masamu awo ndi lita imodzi kapena kuposerapo pang'ono, bwana nkungogwedeza mutu. Koma ya adada inkamwa 17. Osati tsiku limodzi ayi, mwezi wathunthu.

Ndiye panalinso zinthu ziwiri zimene zinkathira mchere pa nkhaniyi. Choyamba, madzulo adada sankaimika vani pamzere ndi anzawo. Ankakaikweza pa mulu wa dothi umene unatsala pomanga uvuni watsopano, kuseri kwa sitolo, kumene kulibe munthu. Chachiwiri, foni ya bwana inkaonetsa kuti masana alionse vani imaima nthawi yaitali pamalo amodzi okha, pa tirumu ya mayi Febby.

Lolemba bwana anaitana adada pamaso pa tonse.

"A Manase, ine sindikufuna apolisi, tinakhala bwino zaka zambiri. Koma Lachisanu mundiuze kumene malita asanu amapita. Mukalephera, kiyi musiye patebulo panga."

Adada anavula chipewa. "Bwana, ine sindinagulitsepo ngakhale dontho."

"Ndiye galimoto yanu ili ndi mlendo m'thanki?"

A Bruce, dalaivala wa vani ya m'tauni, anaseka mokweza. "Mlendoyo amaphika tiyi wa mkaka, bwana!"

Anthu anaseka. Ine ndinang'amba mapepala atatu motsatizana. Kwathu tilipo ana asanu, ndipo kiyi ameneyo ndiye amatidyetsa.

Kunyumba nako kunali moto. Amama anali atamva kale kutchalitchi, pa msonkhano wa amayi. Anaika chakudya patebulo, kenako anatembenuka pakhomo.

"Kaporo yense matirumu anatha, unatsala umodzi wokha?"

"Pamenepo pali malo abwino oimikapo galimoto," anatero adada.

"Malo abwino!" Amama anaomba m'manja. "Mwamva ana inu? Adada anu anapeza malo abwino!"

Ine ndinafunsa chapansipansi, "Adada, nanga dizilo amapita kuti?"

Anandiyang'ana, ndipo maso awo anali a munthu wodabwa zenizeni. "Mwana wanga, ine ndemwe sindikudziwa. Ndagona pansi pa galimoto ija, paipi iliyonse ndaigwira. Sikudontha."

Tsopano ndikuuzeni za anti Zione. Anabwera mwezi womwewo kuchokera ku Dedza, bwana atawalemba kuti aziyang'anira za magalimoto. Madalaivala anawapatsa dzina lakuti Diso, ndipo ankati anabwera kudzachotsa anthu ntchito. Ndi aafupi, amavala magalasi, tsitsi amameta ngati mwana wa sekondale, ndipo kutentha kwa Karonga kunkawazunza moti ankakhala ndi kathaulo paphewa ngati kondakitala. Chitumbuka chawo chinali "yewo chomene" basi, zikomo kwambiri wa kuno, ndipo ankamunena paliponse, ngakhale munthu akawaponda phazi. Ine sindinkawakonda. Ndinkati ndi amene adzawerenge chigamulo cha adada.

Lachitatu titamaliza kulongedza anasuzumira pakhomo. "Kodi Chawa ndi uti? Akuti ndiwe amene umadziwa aliyense."

"Ine sindidziwa kanthu, anti."

"Bodza. Tabwera, ndikufuna munthu wodziwa msewu wa Kaporo."

Mu kaofesi kawo munali laputopu yotsegula. Panali mapu, ndipo pa mapupo panali timadontho tambirimbiri totsatizana ngati nyerere.

"Awa ndi adada ako dzulo," anatero. "Galimoto ikamayenda kapena kiyi akakhala woyatsa, thiraka imatumiza uthenga masekondi khumi alionse. Imanena pamene ili, liwiro lake, ngati kiyi ndi woyatsa, ndi mphamvu ya batire. M'thanki siiona ayi. Mafuta timachita kuyerekeza kuchokera pa zimenezi."

"Ndiye mwapeza kuti ndi akuba?"

"Ndapeza kuti masamu sakukwana. Zimenezo ndi zinthu ziwiri zosiyana." Anapukuta thukuta. "Ndinayamba ndi makilomita. Kufupi ndi malire netiweki imaduka, ndiye ndinaopa kuti mwina thiraka ikudumpha msewu wina nkuwerenga wochepa. Koma imasunga timadonthoto nkutumiza netiweki ikabwera, ndipo ndafananiza ndi mita ya pa dashibodi, zikugwirizana. Makilomita ali bwino. Ndiye chatsala ndi mafuta amene injini imamwa galimoto itaima."

"Koma foni ya bwana imati adada sachedwa injini ikulira. Ndinamva akunena."

"Eya, imati mphindi makumi awiri patsiku, zija za m'mawa pokweza buledi. Ndinakhulupirira nanenso, mpaka nditatsegula m'kati. Amene anaika makinawa anawauza kuti aziwerenga pokhapokha galimoto itaima injini ikulira kupitirira mphindi khumi. Zimenezo ndi zabwino kwa malole opita ku Dar es Salaam. Nanga wa buledi amaima nthawi yaitali bwanji pa golosale?"

Apa ndiye anandifika pamtima. Ndisanayambe kulongedza ndinkakwera nawo adada masiku a tchuthi, ndipo msewu umenewo ndimaudziwa ngati m'thumba mwa diresi langa.

"Zimatengera golosale yake, anti. Kwa a Kenan sachedwa, amangolandira. Koma kwa mayi a Fortunate amafinya buledi mmodzimmodzi, amati wina ndi wadzulo. Pa okala ya pasukulu mwini wake amakhala ali kumunda wa mpunga, mpaka mwana akamuitane. Kwa Ambokile amayamba moni wa Chinkhonde, kufunsa ng'ombe, kufunsa agogo..."

"Pakhoza kukwana mphindi khumi?"

"Yayi, adada salola. Zisanu, zisanu ndi ziwiri, amakhala akuimba kale hutala."

"Basi," anatero anti Zione. "Makina sankawerenga ngakhale pamodzi."

Anaika timadontho tonse mu tebulo la pa kompyuta, mizere yambiri yosatha. Anasankha okhawo amene galimoto sinkayenda. Anandiuza kuti ngakhale galimoto itaima, kadontho kamagwedezeka pang'ono ngati kaledzera, ndiye liwiro lililonse losafika makilomita atatu pa ola amalitenga ngati kuima. Kenako anandionetsa mzere wa batire.

"Kiyi yekha amanamiza. Munthu akhoza kuyatsa kiyi kuti atchaje foni, injini ili chete, ndipo pamenepo mafuta sakupsa. Koma batire silinama. Injini ikazima limakhala pa 12 ndi kakuti. Ikamalira, galimoto imalitchaja, limakwera kufika pa 14. Ndiye ndikufuna pamene liwiro palibe koma batire lili pa 14."

Anadina. Mapu anadzaza madontho ofiira, kuyambira pa mlatho wa Rukuru mpaka kumtunda. Ndinayamba kuwatchula mayina mmodzimmodzi, iwo akulemba, ndipo anali malo pafupifupi makumi anayi. Ataphatikiza nthawi yake, inayandikira maola asanu.

"Adada ako sazimitsa injini," anatero. "Tsiku lonse. Ena onsewa amazimitsa pa magolosale ambiri, iwo ayi. Amazimitsa malo awiri okha. Kuno kuseri kwa sitolo, ndi apa." Analoza kadontho kobiriwira. "Apa pali chiyani?"

Ndinati mumtima mwanga, tafika.

"Ndi pa tirumu ya mayi Febby, anti. Mwamuna wawo anapita ku Mbeya kalekale, akuti anakwatira Mswahili, koma ena akuti..."

"Ayi, ayi, Chawa. Sindikufunsa za mayiwo. Nthaka yake ndi yotani pamenepo?"

Ndinawayang'ana. Chibadwire changa palibe munthu anandidulapo nkhani ya mwamuna wothawa kuti andifunse za nthaka.

"Nthaka?"

"Ndi pathyathyathya? Ndi pokwera?"

Ndinatseka maso. Ku Kaporo konse ndi kosalala ngati tebulo, ndiye chifukwa chake madzi akasefukira amangogona m'minda osadziwa kolowera. Koma msewu waukulu anaukweza pamwamba chifukwa cha madzi omwewo, ndipo pa tirumu ya mayi Febby pali kanjira kotsika kuchoka pa tala kupita kumunsi, kamene kamazungulira kuseri nkubwereranso pa msewu.

"Pali chitsikiro, anti. Ana amaseweretsapo mawilibala."

Anti Zione anavula magalasi nkuseka, kuseka kwenikweni, mpaka kathaulo kanagwa. "Ndipo kuseri kwa sitolo kuli mulu wa dothi. Taona apa." Anakuza mizere ya m'mawa. "Iyi ndi vani ya a Bruce. Batire likukwera pa 14, kenako galimoto ikuyamba kuyenda. Umu ndi mmene zimakhalira. Tsopano iyi ndi ya adada ako. Kiyi wayatsidwa, batire likadali pa 12, koma galimoto yayamba kale kuyenda. Kenako ndi pamene likudumphira pa 14. M'mawa uliwonse, ndi masana alionse pa tirumupo. Galimoto yoyenda injini isanalire, ikuyenda ndi chiyani?"

"Ikutsetsereka," ndinatero.

"Ikutsetsereka. Adada ako amailiza ndi giya pa chitsikiro. Sitata yawo ndi yakufa."

Abale inu! Munthu wa ku Dedza, amene sanapondeko ku Kaporo, amene galimotoyo sanaitsegulepo boneti, anaona sitata yakufa ali pampando, kudzera m'timanambala. Ndinafuna kuthamanga kukauza bekare yonse.

Anandigwira dzanja. "Pakamwa pako ndapamva mbiri yake. Undisungire mpaka Lachisanu. Izi ndikungoganiza, sindinatsimikize, ndipo oyamba kumva ayenera kukhala adada ako."

Masiku awiri! Lettie anandifunsa kanayi zimene Diso anandiitanira. Ndinamuuza kuti amafuna kudziwa kogula usipa wabwino. Ndinadziluma lilime mpaka linatupa.

Lachinayi madzulo adada atakweza vani pa mulu paja, anti Zione anawatsatira, ine ndili m'mbuyo ndi chigubu choyezera.

"Mwaswera bwanji, bambo Manase?"

"Ndaswera, mayi." Anayankha osawayang'ana.

"Sitata inafa liti?"

Adada anagwetsa kiyi. Anayang'ana ine.

"Sikuti wandiuza ndi mwanayu, nayenso samadziwa," anatero anti Zione. "Yandiuza ndi galimoto."

Adada anakhala pa tayala lakutha limene linali pamenepo. Anati inayamba kuvuta mwezi wathawo, kenako inangosiyiratu. Sananene chifukwa pa bekare pathu vani ikafa, dalaivala amauzidwa kuti akadikire kunyumba mpaka ikonzedwe, ndipo masiku amenewo sawerengedwa pa malipiro. Vani ya ku Chitipa itafa chaka chatha, chitsulo chake chinatenga miyezi iwiri, ndipo dalaivala wake anakathera pa kabaza. Komanso magolosale a ku Kaporo ukawasiya sabata imodzi, umakapeza atazolowera buledi wa kutsidya kwa malire.

"Ndimati ndipirire mpaka ana atsekere sukulu," anatero. "Koma zimenezo zikugwirizana bwanji ndi dizilo? Injini yongolira siimwa, mayi, imangonyambita. Tonse timadziwa. Imene imamwa kwambiri ndi yoliza pafupipafupi."

"Kunyambita kwa maola asanu, bambo, mbale imayera," anatero anti Zione. "Ndipo kuliza injini yotentha kale kumatenga dizilo wochepa kwambiri, wosafika wa mphindi imodzi yongolira. Koma musakhulupirire ine. Mawa tiyeza." Anatola kiyi nkuwapatsa. "Ine mawa ndiuza bwana zonse, za dizilo ndi za sitata yomwe. Sindibisa kanthu. Koma zikhala bwino za sitatazo akazimva kwa inu."

Lachisanu vani itabwerako, anti Zione anapempha kuti iime pa simenti pafupi ndi madiramu, ndipo adada azimitse. Anthu onse anatuluka, ophika buledi ndi ufa wawo kumaso, alonda, ngakhale amayi ogulitsa nthochi pageti. Bwana Elliot anabwera ndi foni m'manja.

"A Manase, lero ndi Lachisanu."

Adada anavula chipewa. "Bwana, ndili ndi mlandu, koma si umene mukuganiza. Sitata ya galimotoyi inafa mwezi watha. Ndinabisa. Ndakhala ndikuyenda osazimitsa."

"Sitata?" Bwana analanda kiyi, analowa okha, anapotokola. Galimoto inangoti *tha*. Anapotokolanso. *Tha*.

Anti Zione anafotokoza zonse zija, za mphindi khumi, za batire, za maola asanu. Kenako anati, "Bwana, ndikupempha tiidzaze mpaka kukamwa, tiilize, iime pompano maola awiri, tidzazenso. Tikatero tidziwa kuti imamwa zingati pa ola."

"Ndiotche dizilo wanga dala? Nthawi ino?"

"Malita awiri lero, bwana, kapena mupitirize kutaya asanu tsiku lililonse ndi dalaivala watsopano. Galimoto ikhala yomweyi."

Bwana anapukusa mutu. "Dzazani."

Anaidzaza, anti Zione anasuzumira ndi tochi ya foni nkuona pamene dizilo wafika. Tsopano vuto linali lakuti pa simenti palibe chitsikiro.

"A Bruce," anatero bwana, "muli ndi mphamvu zambiri zoseka. Kankhani."

Eee, tsiku limenelo! A Bruce, Lettie, ine, ndi ophika awiri tinagwira kumbuyo. Adada anaika giya yachiwiri, anaponda kilatchi.

"Kankhani, a Bruce, musamangogwira ngati mukusisita mwana!" anakuwa mlonda.

"Iwe bwera udzayese, galimoto yake yolemera ngati mlandu!" anayankha a Bruce.

Tinathamanga nayo mpaka pageti, adada anasiya kilatchi, vani inadumpha, inakhosomola, inalira. Lettie anagwa chafufumimba, amayi a nthochi analuluta. Adada anaibweza pamalo pake penipeni, pamene anti Zione anali atalemba ndi choko pa simenti kuti thanki ikhale mmene inalili poyamba.

Ndiye tinadikira. Palibe amene anaweruka. Bwana ankangoyenda uku ndi uku akuyang'ana paipi ya utsi ngati munthu woonerera nkhokwe yake ikupsa. Adada anakhala patali okha, chipewa pabondo. Ine ndinkapemphera kuti injiniyo imwe, imwe ndithu, isanyambite. Tangoganizani, mwana wa dalaivala kupempherera galimoto kuti iwononge mafuta.

Nthawi itakwana bwana anazimitsa nkuzula kiyi. Anti Zione anathira okha ndi jagi yoyezera, pang'onopang'ono. Lita yoyamba inalowa yonse.

"Imeneyo ndi ya ludzu chabe," anatero a Bruce, koma mawu anali atachepa.

Yachiwiri inalowa, inalowa, ndipo dizilo anaonekera kukamwa kwa thanki, m'jagi mutatsala wokwana kapu yaing'ono.

"Pafupifupi lita pa ola," anatero anti Zione. "Maola asanu, ndi malita anayi ndi theka kapena asanu. Tikaphatikiza ndi 12 a msewu, tafika pa 17 kapena kuperewera pang'ono. Bwana, ine sindingalumbire za dontho lililonse, chifukwa thiraka siiona m'thanki, ndipo katundu ndi msewu zimasintha tsiku ndi tsiku. Chimene ndinganene ndi chakuti palibe malo otsala oti chigubu cha malita asanu chikwanemo."

Adada anaimirira nkubwera kudzayang'ana jagi ija. Anaiyang'ana nthawi yaitali. "Zaka zonsezi," anatero, "ndimati imangonyambita."

"Si inu nokha," anatero anti Zione. "Mavani onse ali ndi nthawi yobisika yotere. Ya m'tauni imaima pa depoti, kusuntha pang'ono nkuimanso, zonse pamodzi pafupifupi ola m'mawa uliwonse, batire lili pa 14."

Onse anatembenukira kwa a Bruce.

"Ndimakhala ndikutenthetsa injini," anatero a Bruce.

"Pa Karonga?" anafunsa mlonda. "Injini ikumva kuzizira pa Karonga?"

Chiseko chake chinamveka mpaka kumsewu. Koma bwana sanaseke. Anayang'ana adada.

"Si inu wakuba, a Manase, ndipo mawu amenewo ndawabweza pamaso pa onsewa. Koma mwandiotchera dizilo mwezi wathunthu chifukwa cha kachitsulo kamene ndikanaitanitsa ku Mzuzu pa minibasi. Bwanji osanena?"

Anayankha ndi anti Zione, mofatsa ngati akufunsa mtengo wa tomato.

"Bwana, dalaivala akanena kuti galimoto yafa, amapita kuti?"

Bwana anayang'ana kiyi amene anali m'manja mwawo. Kenako anaponya kiyiyo, adada anawakha ndi manja awiri.

"Ili ndi chenjezo lomaliza. Mukadzabisanso kanthu, ngakhale babu, tasiyana. Sitata ibwera Lolemba. Ndipo kuyambira lero galimoto ikafa, dalaivala azikwera nawo ina, kunyumba ayi." Anatembenuka, kenako anaimanso. "Mayi Zione, mphindi khumi zijazo zichotseni."

"Ndaika ziwiri kale, bwana."

Adada anapita kwa anti Zione, anawerama, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja. "Yewo chomene, mayi."

"Yewo chomene," anayankha anti Zione, ndipo kwa nthawi yoyamba anawanena pamalo pake.

Sitata inabwera Lachiwiri, osati Lolemba, minibasi inafera pa Chiweta. Sabata yotsatira vani ya ku Kaporo inamwa malita 12, tsiku lina 13. Adada tsopano amazimitsa ngakhale kwa a Kenan amene sachedwa, ndipo akamva galimoto ya munthu wina ikungolira pa msika amapita kukagogoda pa windo.

Amama ndinawafotokozera zonse, ndi manja omwe, za madontho ofiira, za 12 ndi 14, za chitsikiro. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anaika chakudya patsogolo pa adada, ndi nsomba yaikulu, nati, "Chabwino, ndamva. Ndiye poti sitata ilipo, malo abwino oimikapo galimoto achuluka. Mawa mukadyera kwina."

Ine masiku ano ndikamaliza kulongedza ndimakhala pang'ono mu kaofesi kaja. Anti Zione amandionetsa madontho a ku Chilumba ndi a ku Chitipa, ine ndimawauza kuti apa ndi golosale ya ndani, apa ndi chigayo, apa palibe golosale koma pali mlongo wake wa dalaivala. Andiphunzitsa kusankha mizere ya liwiro losafika atatu, ndipo akuti ndikabwerera ku sukulu ya masana adzandiphunzitsa zophatikiza zake. Madalaivala akuwatchulabe Diso, koma tsopano akamva kaphokoso kachilendo m'galimoto amayamba kukagogoda kwa iwo.

Chimene chikundiwawa ndi chimodzi. Nkhani imeneyi ndi yabwino kuposa zonse zimene ndinanyamulapo pa Karonga, ndipo ndi yoona. Ndaifotokoza kumsika, kumjigo, kukwaya. Koma ndikangofika pa batire, anthu amayamba kuyasamula, wina nkundigwira pamkono, "Eya, Chawa, zimenezo tamva, nanga mayi Febby?" Lettie mpaka lero amati utsi sufuka popanda moto, chikhalirecho bondo lake likadali ndi chipsera cha pageti paja.

Inu mwafika nane mpaka pano. Tandiuzani zoona, sindikauza munthu: mumadikira kuti mumve kumene dizilo amapita, kapena nanunso mumadikira za mayi Febby?